Benzalidehaidi ndi asetoni: ndani amapita kwa mnzake?

"Abale, mayeso ali Lolemba, kuno ku Kalingalinga magetsi kulibe. Tikasakaniza benzalidehaidi ndi asetoni mu NaOH, ndidziwa bwanji chotuluka? Buku likuti alidolo ya makaboniro awiri osiyana imabala zinthu zinayi."

Mlongo wanga, zinayizo zimabwera onse awiri akakhala ndi haidirojeni wa alefa, monga CH3CHO ndi CH3CH2CHO, poti aliyense atha kusanduka enoleti. Anu awiriwa si otero.

Yang'anani kaboni wogundana ndi C=O. Pa asetoni, CH3COCH3, pali CH3 uku ndi uku, mahaidirojeni a alefa 6. Pa benzalidehaidi, C6H5CHO, kaboni ameneyo ndi wa m'mphete, alibe H. H wa pa CHO uja musamuwerenge, si wa alefa. Ambiri amapunthwa pomwepo. Choncho enoleti ichokera kwa asetoni basi.

OH⁻ amazula H mmodzi pa CH3. Enoleti imakhala yochepa kwambiri, poti pKa ya asetoni ili cha pa 19 pomwe ya madzi ndi 15.7, koma yochepayo ikwana. Kaboni wake wa alefa amakalumikiza pa kaboni wa C=O wa benzalidehaidi. Bwanji osapita kwa asetoni mnzake? Ketoni ili ndi magulu awiri otchinga njira ndi kukankhira maelekitironi pa kaboniyo, ndiye siikoka ngati alidehaidi, ndipo asetoni awiri akagwirana sachedwa kumasukanso. O⁻ wotsala amatenga H ku madzi, n'kupezeka C6H5CH(OH)CH2COCH3.

Mukaima apa mamalikisi athawa. OH⁻ amazulanso H wa alefa pa CH2 wapakati, kenako enoletiyo imakankha OH n'kumutulutsa. Madzi achoka, patsala C6H5CH=CHCOCH3, benzalasetoni, wa mtundu wa E. C=C watsopanoyu ali pakati pa mphete ndi C=O, maelekitironi amayenda ponsepo, n'chifukwa chake zimatheka ngakhale osatenthetsa, ndipo kubwerera m'mbuyo n'kovuta.

Tsopano werengani bwino funso la pamayeso, muone milingo. CH3 winayo akadali ndi H wa alefa. Asetoni akachuluka kwambiri, zithera pa benzalasetoni, amene amasungunuka cha pa 40 °C. Benzalidehaidi akakhala mamolo 2 pa molo imodzi ya asetoni, mbali yachiwiri nayo igwira, mupeze C6H5CH=CHCOCH=CHC6H5, dibenzalasetoni, wosungunuka cha pa 110 °C.

Ine tsiku loyamba mu labu ndinathira asetoni mongoyerekeza ndi maso. Anzanga akusefa timibulu tachikasu touma bwino, mufulasiki yanga munali phala lamafuta lomata pagalasi, chifukwa benzalasetoni anasakanikira ndi dibenzalasetoni. Botolo la benzalidehaidi nalonso linali ndi zoyera ngati mchere pakhosi. Imeneyo ndi asidi ya benzoiki yopangika benzalidehaidi akakhudzana ndi mpweya: imadya NaOH, ndipo alidehaidi weniweni amachepa kuposa mmene mwayezera.