Yankho: Apudeti ya Windows ikulephera ndi 0x800f081f

"Laputopu yanga ya Windows 10 ikadawunilodi apudeti, imafika pafupi kumaliza kenako n'kubwerera, n'kulemba 0x800f081f. Ndabwerezabwereza, bando yonse yatha. Ndili ku Chinamwali. Nditani?"

Achimwene, lekani kaye kubwereza. Nambala imeneyo ikutanthauza kuti Windows ikusowa mafayilo ena ake omwe apudetiyo imafuna, ndiye vuto si netiweki ya ku Chinamwali ayi.

Yambani ndi zosavuta: onani ngati disiki C ili ndi malo okwanira, komanso ngati tsiku ndi nthawi zili zolondola. Mukatero tsegulani Command Prompt ngati Administrator, mulembe izi motsatana:

```
DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth
sfc /scannow
```

Musasinthanitse. Lamulo lachiwiri limatenga mafayilo abwino m'nkhokwe yomwe loyambalo lakonza. DISM imatha kuima nthawi yaitali pa 62.3% ngati yafa, koma musaitseke, ndipo batire likhale lodzadza poti magetsi athu mukuwadziwa.

DISM ikalepheranso ndi nambala yomweyo, ndiye kuti nayonso yasowa kotenga mafayilowo. Pezani ISO, yomwe ndi fayilo yoikira Windows, ya Windows 10 yofanana ndi yanuyo (lembani `winver` muone mtundu wake), muitsegule n'kudina setup.exe, musankhe kusunga mafayilo ndi mapulogalamu anu. Koperani kaye zofunika pa fulashi.

Zikakanikabe, tsegulani C:\Windows\Logs\CBS\CBS.log, mufufuze 0x800f081f kuyambira kumunsi, mutitumizire mizere yozungulira pamenepo. Pamakhala dzina la phukusi lomwe likusowalo.