Zidzolo za amayi: zomulembera wa ku famase

"Achemwali, amayi atuluka zidzolo kuyambira dzulo, zikuwayabwa. Ndikufuna ndimulembere wa ku famase uja, ndilembe chiyani?"

Eya mng'ono wanga, ndamva. Usanalembe chilichonse, pita ukawayang'ane kaye amayiwo. Uwagwire ngati thupi latentha, uwaone m'kamwa ndi milomo ngati muli zilonda, maso ngati afiira, komanso ngati pali matuza kapena khungu likusupuka. Ukapeza chimodzi mwa zimenezi, kapena nkhope yatupa, kapena akubanika popuma, za uthenga usiye, pezani galimoto mupite kuchipatala lero lomwe, mapepala onse a mankhwala ndi buku lawo lakuchipatala m'manja.

Ngati zonsezo palibe, ndiye lemba. Koma chimene munthu wa ku famase amafunitsitsa ndi madeti, tsiku limene anayamba mankhwala aliwonse. Zidzolo za mankhwala nthawi zambiri zimatuluka patapita masiku 4 mpaka masabata awiri chiyambire kumwa, ndiye amayamba kukayikira atsopanowo, osati a BP amene amayi amwa zaka zonsezi. Ine mtima wanga uli pa Bakitirimu uja anawapatsa wa chikhodzodzo, ameneyo ngodziwika pa nkhani ya zidzolo. Pa kapepala mwina alemba cotrimoxazole, ndi yemweyo.

Ulembe chonchi, ukonze pamene ndaphonya: "Mayi anga a zaka 64 atuluka zidzolo zofiira, zing'onozing'ono, zoyabwa. Zinayamba dzulo m'mawa pachifuwa, lero zafika kumsana ndi m'mikono. Thupi silinatenthe, m'kamwa mulibe zilonda, matuza palibe. Akumwa cotrimoxazole 960 mg kawiri pa tsiku, anayamba Lachiwiri lapitali. Amlodipine 5 mg ndi hydrochlorothiazide 25 mg kamodzi m'mawa, zaka zitatu tsopano. Bulufeni akamva mawondo, anamwa komaliza dzana. Kodi asiye ati, nanga m'malo mwake amwe chiyani?"

Mayinawo ndi manambala ukopere pa mapepala, usalembe za m'mutu, ndipo zoti "timapiritsi toyera tija" ayi ndithu, toyera n'tambirimbiri. Komanso uwafunse bwinobwino amayi, paja umawadziwa, Panado wa pagolosale ndi zitsamba za m'botolo zija samaziwerengera ngati mankhwala. Zonsezo zilowe, mafuta odzola kapena sopo watsopano yemwe. Uwafunsenso ngati kale Fansida kapena Bakitirimu anawatulutsapo zotere, chifukwa onsewo ndi a gulu limodzi la salufa.

Ujambule zidzolozo panja powala, chithunzi china chapafupi china chapatali, utumize pamodzi ndi cha mapepalawo. Bakitirimu wa madzulo ano usawapatse mpaka utalankhula naye, akachedwa kuyankha umuimbire, poti matenda a chikhodzodzowo akufunikabe mankhwala ena. A BP wo apitirize. Usiku uwaonenso m'kamwa ndi m'maso, zinthuzi zimatha kusintha pa maola ochepa.