Musakopeke ndi 1TB ija, ikani SSD

"Abale, laputopu yanga yakale ikuchedwa zedi, kuyaka kokhako ndimachita kudikira. Ndiikemo SSD ya 256GB kapena hadi disiki ya 1TB? Mitengo sikusiyana kwenikweni."

Achimwene, SSD basi. Aliyense wokuuzani za 1TB ameneyo akufuna kukutayirani katundu wake wotsala.

Ine mnyamata wina wokonza makompyuta mu tauni ya Tete anandipusitsa ndi mawu omwewo. "Inu mumajambula maukwati, 256 ikukwanirani chiyani? Tengani iyi, yatsopano." Anaitulutsa m'kapepala konyezimira, ndinalipira, ndinakwera shapa kubwerera ku Ulongue. Laputopu kuchedwa kwake komweko, osasintha. Ndimatsegula Task Manager, pa Disk palembedwa 100% pomwe sindinatsegule kanthu. Kumuimbira, akuti dikirani izolowere. Izolowere chiyani, ndi ng'ombe yapangolo?

Tsono tsiku lenilenilo. Ndinajambula ukwati ku Dómue, zithunzi zonse ndinathira mu laputopu, memori khadi ya kamera nkufufuta chifukwa mawa lake kunali ntchito ina. Ankhoswe ndi mayi ake a mkwatibwi anafika kwathu kudzasankha zoti nditsukitse, akhala pakhonde, tiyi ali m'manja. Ndayatsa. Sikirini yakuda, kenako No bootable device. Ndazimitsa, ndayatsanso, ndaika khutu pafupi ndi kiyibodi, ndikumva kuti ke, ke, ke, kenako zii, nkuyambiranso. Thukuta kuchita kamukamu, chikhalirecho kunali kozizira kwa mu Juni. Mayi aja anangofunsa kuti, "Bambo, zithunzi za mwana wanga zilipo?" Ndinasowa poyang'ana.

Mnzanga wina anachotsa hadi disikiyo nkuiika m'kabokosi ka USB. Inaoneka kanthawi kochepa, tinapulumutsako pang'ono chabe, za kutchalitchi zonse zinapita. Atatsegula CrystalDiskInfo, pulogalamu yoonera thanzi la disiki, panalembedwa Caution, ndipo pa Power On Hours panali maola opitirira 26,000. Chaka chili ndi maola 8,760, ndiye werengani nokha, pafupifupi zaka zitatu ikuzungulira osapuma. Yatsopanotu imeneyo! Anaizula mu laputopu yakufa ya munthu wina, wakuba uja. Nditamupitira anati ndinaigwetsa ndine. Mpaka lero ndikadutsa pamenepo ndimayang'ana kumbali.

Chimene chimachedwetsa makina akale nthawi zambiri ndi hadi disikiyo. Mkati mwake muli mbale yozungulira, za mu laputopu zambiri maulendo 5,400 pa mphindi, ndi kamkono koyenda kukafuna fayilo iliyonse. Windows ikamayaka imawerenga timafayilo ting'onoting'ono tambirimbiri, kamkono kaja nkumangothamanga uku ndi uku. Kukula kwa disiki sikuchiritsa zimenezo. SSD ilibe chozungulira, imapereka pompopompo, pafupifupi 500MB pa sekondi pomwe hadi disiki imalimbana ndi 100. Ngakhale laputopu yanu ikhale ya SATA II, yomwe siipyola 300, mudzaona kusintha. Komanso mabampu a mu shapa saiopsa SSD, pomwe hadi disiki kungoigunda ikugwira ntchito, kamkono kamakala mbale.

Musanagule tsegulani kunsi muone. Yakale yambiri imafuna ya mainchesi 2.5 ya SATA. Akakupatsani kakang'ono kotalika ka M.2, sikalowa pokhapokha bolodi ili ndi malo ake. Muonenso Memory mu Task Manager muja. Ngati RAM ndi 4GB ndipo imangokhala yodzaza, onjezerani ifike 8GB ngati makinawo alola, apo ayi Chrome izikuvutanibe. Ndipo pogula musachite manyazi, auzeni ailumikize pomwepo mutsegule CrystalDiskInfo pamaso pawo. Yatsopano maola ake amakhala pafupi ndi 0. SSD zabodza ziliponso, zolembedwa 1TB pa mtengo wa nkhuku, mkati muli kochepa. Pulogalamu ya H2testw imadzaza disiki yonse nkuwerenganso, bodza limaonekera pamenepo.

Koma hadi disiki yanu yakaleyo musataye ayi, ngati ikuonetsa Good. Iikeni m'kabokosi ka USB, kapena m'malo mwa DVD ngati simuigwiritsa ntchito, bola muyeze ngati malowo ndi a 9.5mm kapena 12.7mm. Muzikoperamo zonse zofunika. Kunena zoona yanga ija inachita bwino kulira ke ke, tinatolako kena. SSD ikafa nthawi zambiri siichenjeza, mumangodzuka palibe, ndipo kutulutsamo zinthu nkovuta kwambiri. Moti ine pano zithunzi za makasitomala ndimasunga pa hadi disiki yakunja, ziwiri, ndipo memori khadi sindifufuta mpaka eni ake atalandira zawo.