Za 108 wako uja

"Asuweni, taonani chithunzichi. Funso 7: 3, 6, 12, 24, ... akuti tiphatikize manambala 8 oyambirira. Ine ndinapeza 108 koma aphunzitsi andithetha. Kodi fomulayi ndinailoweza molakwika?"

Eee, msuweni, ndachiona. Chala chako chaphimba theka la pepala, kujambula kwako sikunasinthe, koma ndawerenga. Ine ndikumva kuti mtima ukukuwawa, chifukwa unawerenga usiku wonse ndiye ukuganiza kuti mutu wako sugwira. Ayi. Fomula unailemba bwinobwino.

Dikira kaye. Ukuwakumbukira amalume aang'ono, chaka chija agogo anathyoka mwendo tonse tikugona pabalaza? Unali wamng'ono... ayi, unalipo, ndiwe unkalira ukagonja. Ankabwera madzulo, pensulo ili kukhutu, n'kutifunsa kuti, "2, 4, kenako chiyani?" Ife tonse, "6!" Iwo, "Mwalakwa, ndi 8." Mawa lake funso lomwelo. Ife tachenjera tsopano, "8!" Iwo, "Mwalakwa, ndi 6." Achimwene anakwiya mpaka kukawanenera kwa amayi kuti amalume akutibera. Zinatenga sabata, mwina kuposa. Tsiku lina achemwali ako, osayankhulayankhula aja, anangoti, "Amalume, tipatseni nambala yachitatu kaye." Amalume anaimirira, n'kuchotsa pensulo ija kukhutu, n'kuwapatsa. Pensulo imene sankalola munthu kuigwira! Anatiuza kuti kuchoka pa 2 kufika pa 4 ukhoza kuwonjezera 2, ukhozanso kuchulukitsa ndi 2, ndipo manambala awiri okha sangakuuze njira imene wadzera. Ndimawasowa, iwe.

Nanga ndimati chiyani? Eya. Msampha wa amalume ndi umene wakukola. Unaona 3 ndi 6, n'kuti kusiyana ndi 3, basi n'kuthamangira fomula ya AP. Ukanayesa nambala yachitatu. 6 kuchotsa 3 ndi 3, koma 12 kuchotsa 6 ndi 6. Sizikufanana, ndiye si AP. Tsono gawa: 6 kugawa ndi 3 ndi 2, 12 kugawa ndi 6 ndi 2, 24 kugawa ndi 12 ndi 2. Kugawa kukutulutsa nambala imodzimodzi, ndiye ndi GP, ndipo r ndi 2.

Papepala uzilemba chonchi, mzere ndi mzere. Ndakulembera pansipa:

a = 3, r = 2, n = 8
Sn = a(r^n − 1)/(r − 1)
S8 = 3(2^8 − 1)/(2 − 1)
S8 = 3(256 − 1)/1
S8 = 3 × 255 = 765

Mzere wachitatuwo usamaudumphe, pamene ukulowetsa manambala m'malo mwa zilembo. Wochonga amafuna aone kuti a, r ndi n wawaika pamalo pake, ndipo ukaphonya pa kuchulukitsa kumapeto, njira yako imaonekabe kuti inali yolondola. Samalanso, 2^8 si 16. Ndi 2 kuchulukitsa yekhayekha kasanu ndi kawiri... pepa, kasanu ndi katatu, n'kupeza 256. Ndipo 3 uja amadikira kunja kwa bulaketi, usayambe ndi 3 × 2 n'kukweza 6.

108 uja akanakuuza yekha kuti china chake chalakwika. Pitiriza mndandandawo: 24, 48, 96, 192, 384. Nambala yomaliza yokha ndi 384. Ndiye zonse pamodzi zingakhale bwanji 108?

Funso 6 lija ndaliona m'mphepete mwa chala chako, la 5, 9, 13. Limenelo ndiye la AP lenileni, chifukwa 9 kuchotsa 5 ndi 4, 13 kuchotsa 9 ndi 4. Manambala 20 oyambirira:

Sn = n/2[2a + (n − 1)d]
S20 = 20/2[2(5) + (20 − 1)4]
S20 = 10[10 + 76] = 860

Unakhoza, ndipo sunaiwale kuti ndi 19 osati 20, pamene ambiri amagwera. Waona kuti mutu uli bwino?

Ndiye mvetsa, msuweni. Usanalembe fomula iliyonse, chotsera kawiri, gawa kawiri, ndipo chimene chatulutsa nambala yofanana ndicho chikusankhire. Ukakayikabe, ika n = 3 mu fomula imene wasankha. Pa funso 7, ya GP ikupatsa 3 × 7, ndiye 21, ndipo 3 + 6 + 12 ndi 21. Ya AP ija ikanakupatsa 18, ukanadziwiratu pomwepo.

Nambala yachitatu, iwe, uziyang'ana nambala yachitatu monga anachitira achemwali ako. Lembanso funso 7 osaonera zanga, unditumizire usiku uno. Chala uchichotse.