Botolo likugwa ngati nthenga mu Blender

"Akuluakulu thandizeni. Ndikupanga kakanema kotsatsa malonda mu Blender, botolo likugwa patebulo. Koma likutsika mwaulesi, nyale sikuwala, ndipo kumbuyo sikukuchita mbuu ngakhale ndaika f/2.8. Tebulo ndi botolo ndinazitenga ngati FBX."

Achimwene, musanakhudze china chilichonse, dinani tebulolo, kanikizani N muone Dimensions. Ndikukayikira kuti muona mamita 75 pomwe mumayembekezera masentimita 75. Mafayilo ambiri a FBX amachokera ku mapulogalamu owerenga m'masentimita, pomwe Blender amatenga muyeso umodzi ngati mita imodzi, ndiye zinthu nthawi zina zimalowa zitakula ka 100. Tebulo la mamita 1.2 m'litali limasanduka la mamita 120, kuposa bwalo losewerera mpira la pa Bingu Stadium.

Botololo likugwa moyenera ndithu, kungoti likuchokera kutali. Kuchoka pa masentimita 75, chinthu chimafika pansi m'masekondi 0.39, mafulemu 9 okha pa 24 fps. Kuchoka pa mamita 75 chimatenga masekondi 3.9, mafulemu pafupifupi 94. Werengani mafulemu anuwo mundiuze.

Nyale nayonso mwaiika kutali ka 100, ndipo kuwala kumachepa ndi mtunda kuchulukitsa ndi mtunda womwewo. Ndiye pofunika 10 W pakufunika 100,000 W. Yesani kuika Sun. Iyo silabadira mtunda, choncho ikawalitsa bwino pomwe Point yalephera, mwampeza wakuba. Kamera ndi chimodzimodzi: galasi la 50 mm pa f/2.8 likaloza chinthu chotalikira mamita 30 kapena kuposa, zonse zakumbuyo zimaoneka bwinobwino mpaka kumapiri. Yanu mukuiyesa ili pa mamita 2 koma ili pa 200.

Ine ndingati chepetsani zinthuzo basi. Kanikizani Shift+C, ikani pivot pa 3D Cursor, sankhani zonse pamodzi ndi kamera ndi nyale, kenako S, 0.01, Enter. Mukatero sankhani tebulo ndi botolo, Ctrl+A, Scale, kuti Scale iwerenge 1.000. Mphamvu ya nyale ndi Focus Distance sizitsika zokha, mutsitse ndinu. Fufutaninso bake yakale, apo ayi botolo lipitiriza kugwa mwakale.

Koma chonde musathamangire Unit Scale. Ine ndinapsa nazo chaka chatha kuno ku Area 25, ntchito ya kasitomala ikufunika mmawa wake. Ndinaika 0.01, manambala anaoneka okoma, ndinarenda usiku wonse, kutacha ndikupeza mabokosi akuyandamabe m'malere. Imangosintha manambala omwe mukuona, kagwedwe ka zinthu siikhudza. Kukweza Gravity nakonso kumangofulumizitsa botolo, nyale ndi kamera zikhalabe momwemo.

Ngati kamera munaipatsa kale ma keyframe, dziwani kuti akusungabe malo akale aja. Imeneyo muimangirire ku Empty, muchepetse Empty-yo.