Kupopera khanda mankhwala kumatako

"Mwana wanga wa miyezi 3 watha masiku anayi osachita chimbudzi. Anzanga kuno ku Joni akuti ndimupopere madzi a sopo kapena azitsamba. Kodi nditero?"

Mayi, musatero. Khanda loyamwa bere lokha limatha masiku angapo osachita chimbudzi, ndipo ngati likuyamwa bwino, likukodza, mimba ili yofewa, palibe vuto.

Matumbo a mwana wotere ndi osakhwima, moti kampope kakhoza kuwang'amba, pomwe sopo ndi Dettol zimawotcha m'kati mpaka magazi kutuluka. Ngakhale madzi okha, akachuluka amalowa m'thupi n'kusungunula mchere wa m'magazi, mwana n'kuyamba kukomoka.

Zitsamba ndiye zimandidetsa nkhawa koposa, chifukwa botolo lopanda chizindikiro silinena zomwe zili m'kati, ngakhalenso muyezo wake. Muzu wina umene Azulu amautcha impila umawononga chiwindi ndi impso, ndipo umatsitsa shuga m'magazi, kotero kuti mwana amasanza, n'kufooka, n'kukomoka tsiku lomwelo. Tsoka lake n'lakuti kutsegula m'mimba kukayamba, ena amati zoipa zikutuluka, n'kuwonjezera mankhwalawo pamene mwana akutha madzi.

Ngati wapoperedwa kale, yang'anani liwombo ndi maso ngati zalowa, thewera louma kwa maola 6, magazi, kapena kukana bere. Mukaona chimodzi mwa izi, kapena mimba yotupa ndi masanzi obiriwira, thamangirani kuchipatala kapena imbani 112. Tengani botololo, ndipo muwauze anamwino mosabisa chomwe mwanayo wapatsidwa ndi nthawi yake.