Timapepala 340 ta m'katoni ya pachigayo: ndiyambire pati?

"Ndili ndi chigayo pa Santhe ku Kasungu. Kuyambira mu Meyi ndinaika katoni yoti makasitomala aziponyamo maganizo awo, ndipo osatha kulemba amawalembera mdzukulu wanga. Pano timapepala takwana 340. Ndikawerenga khumi mutu umazungulira, wina akuyamika, wina akunyoza. Ndidziwa bwanji zomwe anthu ambiri akunena?" Mayi wa chigayo, Santhe.

Mayi, chinthu choyamba chomwe mtima ukuuzeni ndi kupanga milu iwiri, wa oyamika ndi wa odandaula. Musatero. Mukapeza kuti oyamika ndi 200 odandaula 140, mawa m'mawa musintha chiyani pachigayopo? Palibe. Inu a ku Kasungu kusankha fodya mumakudziwa: simuika mulu wa "wabwino" ndi "woipa", mumayang'ana tsamba lililonse n'kuliika pa giredi yake. Timapepalati tisankheni potengera nkhani yomwe tikunena. Zoyamika kapena kudandaula muziona pambuyo, mkati mwa mulu uliwonse.

Yalani mkeka pamalo opanda mphepo, mukhale ndi kope, pensulo ndi timiyala totsindira. Lembani nambala pakona ya kapepala kalikonse, kuyambira 1 mpaka 340, kuti mukadzafuna kubwerera pa kena musakavutike. Topanda kanthu, tosawerengeka, ndi tomwe mukuona kuti ndi dzanja limodzi lalemba mawu omwewo kasanu, tiikeni padera. Tiyerekeze kuti totere tapezeka 25, ndiye kuti mwatsala ndi 315.

Kenaka tisakanizeni bwinobwino mutole 50. Osatola tapamwamba pokha, chifukwa amenewo ndi maganizo a sabata yatha basi. Werengani 50 amenewa osasankha chilichonse, muzingolemba m'kope nkhani zomwe zikubwerezedwa. Pachigayo sizichuluka: kudikira pamzere, kasalalidwe ka ufa, mtengo wa ndowa, khalidwe la anyamata ogayitsa, nkhani ya gaga, ndi zoti ufa ukuchepa. Mitu isanu ndi umodzi mpaka isanu ndi itatu ndi yokwanira. Ikafika 20 ndiye kuti simunasankhe, mwangoyala.

Mutu uliwonse muulembere lamulo la mzere umodzi, ndipo apa ndi pomwe ambiri amachita ulesi. Wina walemba kuti, "Magetsi akazima timakhala tsiku lonse." Kodi ndi nkhani ya kudikira, kapena magetsi akhale mutu paokha? Wina akuti, "Mnyamata amalowetsa abale ake kutsogolo." Ndi mzere kapena ndi khalidwe? Yankho lililonse lingathe kukhala bwino, bola mugamule kamodzi ndipo mulembe. Mukapanda kulemba, kapepala ka nambala 40 mukaika uku, kofanana nako ka nambala 280 mukaika uko, chifukwa pofika pamenepo mwatopa ndipo mwaiwala. Ine ndikadalekanitsa magetsi ndi mzere, popeza mzere mungathe kuukonza nokha mawa lomwe, pomwe za magetsi zikufuna ndalama ya injini ya dizilo.

Tsopano nkhani ya "koma". Ife Achewa sitiyamba ndi kudandaula. Munthu amalemba kuti, "Tikuthokoza chigayo chathu chikutithandiza kwambiri, koma mphale ikumasweka." Mukawerenga mwachangu mukaika kwa oyamika, pomwe chomwe chinamutengetsa cholembera chili kuseri kwa "koma". Kuthokoza kosatchula chinthu ndi moni chabe, musakuwerenge. Kuyamika kwenikweni kumatchula dzina: "ufa wanu susowa kusefanso", "mumatsegula m'mamawa". Chenjeraninso ndi mawu okuluwika. Wolemba kuti "anyamata anu nkhuku zawo zikunenepa" sakuyamikira ulimi wa nkhuku ayi, akunena za gaga wake amene sanabwerere naye kunyumba.

N'chifukwa chake chowerengedwa ndi ganizo, osati kapepala. Kapepala kamodzi kakanena zinthu ziwiri, kalembeni pamitu iwiri. Osakang'amba. M'kope, mutu uliwonse ukhale ndi tsamba lake logawidwa patatu: kuyamika, kudandaula, ndi kungopempha kapena kufunsa. Muzilemba nambala ya kapepala pansi pa gawo loyenera. Kapepala kamodzi kakamatenga theka la mphindi, ntchito yonse ndi pafupifupi maola atatu. Igaweni masiku awiri, maso otopa amaponya chilichonse pamulu wa "zina".

Mulu wa "zina" umenewu ndiwo ukuuzeni ngati mitu yanu ili bwino. Ukapitirira gawo limodzi mwa magawo khumi a zonse, uwerengeninso. Nthawi zambiri mumabisala mutu wathunthu umene sunaoneke mu 50 oyamba aja, mwina chimbudzi, mwina mthunzi wokhala podikira.

Mukamaliza, pezani munthu wina wosagwira ntchito pachigayopo, osatinso mdzukulu uja. Mupatseni malamulo anu ndi timapepala 40, asankhe yekha osaona m'kope mwanu. Mukasiyana pa tiwiri kapena titatu, palibe vuto. Mukasiyana pa toposa 8, lamulo lina silikumveka, kapena mtima wa mwini chigayo ukukometsa zinthu. Zimachitika, chigayo ndi mwana wanu.

Tiyerekeze tsono kuti zatuluka motere. Pa nkhani ya mzere alembapo anthu 130, ndipo 110 akudandaula. Pa ufa alembapo 95, oyamika 70. Pa mtengo alembapo 80, ambiri odandaula. Oti ufa ukuchepa ndi 18 okha. Powerengera, gawani ndi chiwerengero cha anthu, 315 aja, osati ndi maganizo onse pamodzi. Odandaula za mzere 110 mwa 315 ndi munthu mmodzi mwa atatu alionse. Chithunzi chaoneka: ufa wanu anthu akuukonda, chikuwatopetsa ndi kudikira. Ndalama yanu isapite kogula sefa yatsopano, ipite kokonza mzere, kaya ndi timakadi ta manambala pofika, kaya kulekanitsa okonola ndi ogayitsa mgaiwa.

Mulu wa mtengo musauope kwambiri. Palibe kasitomala amene amalemba kuti mtengo ukwere. Yang'anani okhawo amene akutchula chigayo china ndi mtengo wake, amenewo ndiwo ali ndi phazi limodzi panja. Koma 18 aja a ufa wochepa muwerenge mmodzimmodzi, ngakhale mulu wawo ndi waung'ono. Kudikira munthu amapirira, kumva kuti waberedwa amakanena kumjigo ndi kumaliro. Onani ngati akutchula tsiku limodzi kapena mnyamata mmodzi. Mukatero imani nokha pachigayo sabata imodzi, muziyeza chimanga polowa ndi ufa potuluka, makamaka pa mgaiwa pomwe kusiyana kumayenera kukhala kochepa.

Katoni yanu ili ndi malire ake awiri. Loyamba ndi mdzukulu. Gogo amene akuuza mdzukulu wa mwini chigayo zoti alembe sanganene kuti anyamata akuba. Timapepala ta dzanja lake tiwerengeni patokha, mufananize ndi tolemba eni ake. Mukapeza kuti take n'toyamika tokhatokha, khulupirirani kwambiri tinato. Lachiwiri ndi nyengo. Mwayamba mu Meyi, anthu atangokolola, pomwe aliyense akubwera ndi matumba ndipo mzere sungalephere kutalika. Mu Januwale, munthu akamabwera ndi kandowa kamodzi kogula pamsika, mulu wa mtengo ndi wa ufa wochepa ungakule kuposa wa mzere. Sungani kope lomwelo ndi malamulo omwewo, mukhuthule katoniyo, muyambe kulemba deti pa kapepala kalikonse, ndipo mudzasankhenso kumapeto kwa Febuluwale.